Atachimenti ikukana kupita? Musanadinenso, onani kaye mmene ikukanira

Mwezi watha mng'ono wanga anandiimbira cha m'ma 2 koloko masana mawu akunjenjemera, akuti achimwene fomu ija ikutsekedwa 5 koloko lero ndipo masetifiketi anga akukana kulowa, ndayesa kasanu, bandulo yatsala pang'ono kutha. Amafunsira ntchito ku bungwe linalake, zonse anali atalemba bwinobwino, dzina, maphunziro, kumene anagwirako, chinatsala ndi kungoika mafayilo basi. Ndinamufunsa funso limodzi lomwe ndimafunsa aliyense amene wabwera ndi vuto limeneli: ikukana bwanji? Iye akuti aaa ikungokana basi. Ndipo apa ndi pomwe ambiri timatayira nthawi ndi data, chifukwa kukana kulipo kwa mitundu iwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana kwambiri.

Kukana koyamba ndi kwa pompopompo, mwangosankha fayilo, musanaphethire n'komwe kwatuluka timawu tofiira, kapena fayiloyo ikuoneka yotuwa moti siikudinika. Zikatero netiweki ilibe mlandu, musavutike kukwera pachulu, vuto lili pa fayilo yeniyeniyo, mwina yakula kwambiri kapena ndi ya mtundu umene iwo sakuufuna. Kukana kwachiwiri ndi kuja fayilo imayamba kuyenda, kamzere kakusuntha 10%, 35%, 60% kenako zii, kaima pomwepo, kapena kachinthu kakungozungulira mpaka foni kuzima sikirini. Apo nthawi zambiri ndi netiweki kapena bandulo. Koma palinso kamtundu kena kosokoneza kamene kamakhala pakati, fayilo imayenda mpaka 100% ndithu kenako n'kukanidwa kumapeto. Kameneka ndi kukula kwa fayilo kobisala, malo ena sayeza fayilo isananyamuke, amadikira ifike kaye kwa iwo ndiye aziikana, data yanu itapita kale.

Ngati simukudziwa kuti muli mbali iti, yesani ndi kafayilo kakang'ono. Pezani ka PDF ka tsamba limodzi kapena kachithunzi ka 100 KB mukaike pamalo omwewo koma osadina batani lotumizira fomu yonse. Kakalowa bwinobwino ndiye kuti njira ili bwino, fayilo yanu ija ndi yomwe ili ndi vuto. Nakonso kakakakamira, isiyeni fayilo muyang'ane netiweki. Kayeso kameneka sikatha ngakhale mphindi imodzi koma kamakupulumutsani ku kubwereza kopanda pake.

Tinayamba ndi kukula. Ndinamuuza mng'ono wangayo kuti atsegule pamene foni imasunga mafayilo, pa mafoni ambiri pamalembedwa Files kapena My Files, agwire fayiloyo kwa kanthawi n'kusankha Details. Anandiwerengera: 14 MB. Kenako ndinati werenga timawu ting'onoting'ono tili pansi pa batani loikira fayilo, timene aliyense amatidumpha. Panalembedwa kuti PDF yokha, osapitirira 2 MB. Ndiye taganizani, fayilo yoposa malire kasanu ndi kawiri, ngakhale akanakhala pansi penipeni pa nsanja ya netiweki sikanalowa.

Kwa amene manambalawa amawasokoneza, 1 MB ndi pafupifupi 1000 KB. Ndiye fomu ikanena kuti 500 KB ikutanthauza theka la 1 MB, ndipo chithunzi chimodzi chojambula ndi kamera ya foni ya masiku ano chimakhala 3 MB, 4 MB, nthawi zina kuposa. Anthu ambiri amaona 500 n'kuganiza kuti ndi yaikulu kuposa 4, ayi ndithu, onani zilembo zili kutsogoloko. Komanso musamayandikire malire kwambiri, akati 2 MB inu konzani ya 1.5 MB, chifukwa makina ena amawerenga 1 MB ngati 1024 KB ena 1000 KB, ndiye fayilo imene foni yanu ikuti 2.0 MB kwinako ikhoza kuoneka kuti yadumpha mzere.

Nanga 14 MB inachokera kuti pa mapepala sikisi okha? Anapita kokasikanitsa kutauni, ndipo mnyamata wa pamakina anasikana pa 600 dpi, mwamitundu, poganiza kuti akumuchitira zabwino. Nambala ya dpi ikunena kuchuluka kwa timadontho pa inchi iliyonse ya pepala. Pepala la A4 pa 300 dpi limatuluka timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, mukalisikana pa 600 dpi mbali zonse ziwiri zimawirikiza ndiye timadontho tonse timachuluka kanayi, osati kawiri. Setifiketi ya MSCE kapena dipuloma imawerengeka bwino lomwe pa 150 kapena 200 dpi, chidindo ndi siginecha zikuoneka. Mukapita kokasikanitsa nenani musanapereke ndalama kuti ndikufuna 150 dpi, ndipo mapepala amene alibe mitundu ngati kalata ndi sivi asikane motuwa, pa makina pamalembedwa Grayscale. Ineyo setifiketi yokhala ndi chidindo chamtundu ndimaisiya mwamitundu kuti asakaikire, koma zina zonse zotuwa basi.

Kubwerera kutauni nthawi panalibe, ndiye tinasikananso ndi foni yake. Mu apu ya Google Drive muli posikanira, mumadina chizindikiro cha kamera kapena cha + n'kusankha Scan, imadula yokha m'mbali mwa pepala n'kukupatsani PDF, ndipo mutha kuwonjezera masamba onse mu fayilo imodzi. Anayala mapepala pa tebulo pakhonde pamene pali kuwala koma popanda dzuwa lowomba papepala, foni ataigwira molunjika pamwamba kuti chithunzithunzi cha dzanja chisagwere pa malemba. Masamba sikisi aja anatuluka 1.6 MB. Ndinamuuza kuti aitsegule kaye n'kuikulitsa ndi zala aone ngati nambala ya setifiketi ikuwerengeka, chifukwa fayilo yaing'ono koma yosawerengeka ilibe ntchito, kumeneko akangoona zachimbuuzi amaiika pambali osakuimbirani n'komwe.

Njira ina imene anthu amagwiritsa ntchito pochepetsa chithunzi ndi kudzitumizira wekha pa WhatsApp. Imagwiradi, WhatsApp imafinya chithunzi cha 4 MB n'kukhala ma KB mazana ochepa chabe, koma pokhapokha mwachitumiza ngati chithunzi wamba. Mukachitumiza kudzera pa Document chimapita mmene chilili osachepa ngakhale pang'ono, ndipo mukadina HD chimachepa pang'ono chabe. Vuto lake ndi loti malemba ang'onoang'ono nthawi zina amafufutika, ndiye yang'anani musanatumize. Za malo a pa intaneti ofinyira ma PDF mwaulere aja, amagwira ntchito inde, koma kumbukirani zinthu ziwiri, choyamba muyenera kukweza 14 MB yonse ija kuti iwo aifinye ndiye data ikupitabe, chachiwiri mukupereka chitupa chanu cha unzika ndi masetifiketi kwa anthu amene simukuwadziwa. Sivi kaya, koma chitupa ine ayi sindilola.

Pa imelo malire ake ndi ena. Gmail imalola mafayilo okwana 25 MB pa uthenga umodzi, onse pamodzi osati iliyonse payokha, ndipo mukapitirira imaika fayiloyo pa Google Drive n'kutumiza linki m'malo mwa fayilo. Ambiri sazindikira kuti zimenezi zachitika, amaganiza kuti atumiza masetifiketi pamene atumiza linki, ndipo wolandirayo akadina n'kupeza kuti akufunika chilolezo, kapena ofesi yawo salola kutsegula malinki, pempho lanu lathera pomwepo. Komanso 25 MB ndi malire a mbali yanu, wolandira ali ndi ake, maofesi ambiri amaika 10 MB kapena 20 MB. Ndipo fayilo ikamayenda pa imelo imasinthidwa kukhala malemba, zimene zimaikulitsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye ya 9 MB imafika kwinako ili ngati 12 MB. Inu kwanu ikuoneka kuti yapita, mwaika foni m'thumba, patapita mphindi zingapo kwabwera uthenga wochokera kwa Mail Delivery Subsystem wonena kuti yabwezedwa, umene ambiri sauwerenga. Mukatumiza chinthu chofunika dikirani kaye mphindi teni muone ngati sichinabwerere. Ndipo pa fomu mukaona mawu awa

```
413 Request Entity Too Large
```

dziwani kuti ndi nkhani ya kukula yomweyo, seva, kompyuta ya eni fomuwo imene imalandira mafayilo, yakana katundu, musakhudze china chilichonse kupatula kuchepetsa fayilo.

PDF ya mng'ono wanga inali itakonzeka, koma fomu inkafunanso kachithunzi ka nkhope, JPG kapena PNG. Anali nacho chabwino ndithu, mnzake anamujambula ndi iPhone atavala jekete n'kumutumizira ngati Document kuti chisawonongeke. Atafuna kuchisankha chinali chotuwa, chosadinika. Ndinati ndiwerengere dzina lonse la fayiloyo mpaka kumapeto, akuti IMG_2041.HEIC. Basi vuto ndi limenelo. Kuyambira 2017 ma iPhone amasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC, umene umasunga malo mufoni koma mafomu ambiri sauzindikira, ndipo mafoni ena a Samsung nawonso ali ndi posankha potero mu kamera, pamalembedwa High efficiency pictures. Mwini iPhone akafuna kuti zithunzi zatsopano zizituluka JPG apite ku Settings, Camera, Formats n'kusankha Most Compatible. Koma zimene anajambula kale zimakhalabe HEIC. Ife tinangomupempha mnzakeyo kuti atumizenso pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chinafika chili JPG, chaching'ononso, nkhani n'kutha.

Apa ndichenjeze chinthu chimene ndaona anthu ambiri akuchita, ngakhale ophunzira bwino. Kusintha dzina la fayilo sikusintha mtundu wake. Mukafufuta .heic n'kulemba .jpg, kapena .docx n'kulemba .pdf, zam'kati zikadali zomwe zija, zili ngati kulemba kuti shuga pa thumba la mchere. Mafomu ena amayang'ana m'kati n'kukana, koma ena amangoona dzina n'kulandira, ndipo zimenezi ndiye zoopsa kwambiri chifukwa inu mukusangalala kuti yalowa pamene amene akaitsegule kuofesi adzapeza kuti siikutseguka. Sivi ya mu Word isandutseni PDF moyenera, pa kompyuta ndi Save As n'kusankha PDF, pa foni njira imene imagwira pafupifupi paliponse ndi Print kenako Save as PDF. Njira ya Print yomweyi imasandutsanso chithunzi kukhala PDF ngati fomu ikufuna PDF yokha.

Mitundu ina imakanidwa dala chifukwa cha mavairasi. Gmail siilola mafayilo othera .exe, .bat, .js, .apk ndi ena otero, ndipo kuwabisa mu .zip sikuthandiza, imaona m'katimo. PDF yotsekedwa ndi pasiwedi, monga masitetimenti ena a ku banki, nayonso mafomu ena amaikana, muitsegule ndi pasiwedi yake kenako muisungenso kudzera pa Print muja ngati ikulola. Dzina la fayilo nalonso lizikhala losavuta, makina ena akale amasokonezeka ndi zizindikiro ngati # & % kapena kankhodolero kaja ka mu ng', ndi maina aatali kwambiri. Lembani chabe `setifiketi_msce.pdf`, zimathandizanso wolandira kudziwa chimene akutsegula. Ndipo Details ikaonetsa 0 KB ndiye kuti fayiloyo siinatsike yonse mufoni, mwina munaidawuniloda netiweki n'kuduka pakati, itsitseninso kaye.

Tsopano nthawi inali itadutsa 3 koloko, mafayilo onse ali bwino, koma PDF ya 1.6 MB ija inafika 40% n'kuima. Apa ndiye tinafika pa netiweki zenizeni. Iye akuti koma achimwene timizere tonse tadzaza. Timizere tija timangonena kuti foni ikumvana bwanji ndi nsanja, sitinena kuti msewu wa data uli ndi malo ayi. Yang'anani kachilembo kali pambali pake. Mukaona E ndiye kuti muli pa netiweki yakale yochedwa kwambiri, H kapena H+ ndi yapakati, 4G kapena LTE ndi imene mukufuna. Kwa iye kanali kakusinthasintha, 4G pang'ono kenako E, ndipo kusintha kumeneko n'kumene kumadula fayilo pakati.

Chinanso chimene anthu sadziwa, kukweza ndi kutsitsa si liwiro limodzi. Netiweki ya foni inapangidwa kuti kutsitsa kuzithamanga kuposa kukweza, komanso nsanja ili ndi mphamvu zambiri pamene kafoni kanu kakulankhula ndi kabatire kake kakang'ono, ndiye mutha kumaonera mavidiyo bwinobwino koma kafayilo kakukanika kukwera. Tiwerenge pang'ono. Liwiro amaliyeza mu Mbps, kutanthauza timagawo totchedwa megabit timene tikudutsa pa sekondi iliyonse, ndipo 1 MB imafuna 8 ya timagawo timeneto. Fayilo ya 1.6 MB ndi timagawo pafupifupi 13, ndiye pa liwiro lokweza la 1 Mbps imatenga masekondi 13, pa 0.1 Mbps, zimene sizachilendo pa E, imatenga mphindi ziwiri ndi kanthu. Ya 14 MB ija pa liwiro lomwelo ikanafuna mphindi pafupifupi 19 netiweki isanaphethire ngakhale kamodzi, ndipo mafomu ambiri sadikira choncho, amadula okha, komanso ikaduka sapitiriza pamene inalekera, mumayambanso pa ziro. N'chifukwa chake bandulo yake inatsala pang'ono kutha, kasanu konse kaja data imapita ndithu, ngati ulendo uliwonse imafika cha pa 80% ndiye kuti anawotcha ma MB opitirira 50 popanda cholowa. Kuchepetsa fayilo ndi mankhwala a netiweki yofooka omwe, ngakhale malire atakhala kuti akukulolani.

Tisanasunthe ndinamufunsa kuti bandulo imene watsala nayo ndi yanji. Funso limeneli lofunika kwambiri kwathu kuno chifukwa ambiri timagula mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha poti ndi otchipa, ndipo amenewo satsegula imelo kapena fomu. Munthu amaona mauthenga a pa WhatsApp akulowa n'kumati data ndili nayo, pamene ya intaneti yonse inatha kalekale. Njira yodziwira ndi yosavuta, tsegulani Chrome mufufuze mawu alionse atsopano, zikakana pamene WhatsApp ikuyenda ndiye yankho mwalipeza. Iye anali ndi ma MB ochepa otsala a bandulo wamba, ndinamutumizira mayunitsi kuti agule ina yatsiku, kuopa kuti ingathere pakati.

Kenako tinachita izi motsatana. Anatuluka m'nyumba, chifukwa makoma ndi malata zimafooketsa netiweki, n'kukaima kumtunda kufupi ndi msewu pamene amadziwa kuti 4G imakhazikika. Anayatsa Airplane mode kwa masekondi ngati 20 n'kuzimitsanso kuti foni ifunenso nsanja mwatsopano. Anazimitsa Data Saver ndi Battery Saver, ziwirizi zimaletsa mapulogalamu kugwiritsa ntchito data ukangochoka pa sikirini yawo, ndipo n'zimene zimachititsa kuti imelo ya Gmail ikhale mu Outbox italembedwa Queued tsiku lonse mwini wake akuganiza kuti inapita. Anaimitsanso zina zonse zodya data mobisa, makamaka Google Photos imene imakweza zithunzi yokha ndipo imalimbirana kamsewu kopapatiza komweko ndi fayilo yanu. Foni ikakhala ya masimu awiri onaninso kuti data ili pa simu iti, ndipo ngati winayo ali ndi netiweki yabwino pamalopo sinthani, kapena pemphani mnzanu wa kampani ina akuyatsireni Hotspot kwa mphindi zisanu.

Atabwerera pa fomu inamutulutsa, ikufuna alowenso ndi pasiwedi. Izi zimachitika ukakhalitsa osadina kanthu, ndipo nthawi zina fomu siikuuzani n'komwe, imangokana fayilo mwakachetechete ngati kuti vuto ndi netiweki. Ndiye ngati mwakhala ola lathunthu mukulimbana ndi mafayilo, sungani zimene mwalemba ngati pali batani la Save, tulukani, lowaninso, kenako ikani fayilo. Mwamwayi zake zinali zitasungika. Ndinamuuza kuti aike imodzi imodzi osati zonse pakamodzi, ayambe ndi kachithunzi, ndipo pamene ikukwera asachoke kupita pa WhatsApp kukandiuza mmene zikuyendera, asalole sikirini kuzima, azingoigusa pang'ono ndi chala, chifukwa mafoni a memore yochepa ukangotsegula apu ina amatseka ya kumbuyo ndipo fomu imayambiranso.

Kachithunzi kanalowa nthawi yomweyo. PDF inatenga mwina theka la mphindi, dzina lake n'kuoneka pansi pa batani ndi kachizindikiro kobiriwira. Musadine Submit musanaone dzina la fayilo litakhazikika choncho, pa imelo chimodzimodzi, dikirani kamzere kathe ndipo mukatumiza mukatsegule mu Sent muone ngati fayiloyo ilimodi. Iye anatumiza 4 koloko itangodutsa, ndipo ndinamuuza kuti ajambule sikirini yosonyeza kuti zalandiridwa, pamodzi ndi nambala imene anamupatsa, asunge.

Pali nthawi ina imene zonsezi mwachita, fayilo ndi yaing'ono, mtundu ndi woyenera, 4G ili nganganga, malo ena onse akutseguka msanga, koma kafayilo ka 100 KB kaja nakonso kakukana. Yesani kaye kutsegula fomuyo mu Chrome mwachindunji osati kudzera pa linki ya mu Facebook, chifukwa kawindo kotsegukira m'kati mwa apu kaja nthawi zina sikatha kusankha mafayilo, onaninso ngati tsiku ndi nthawi pafoni zili zolondola poti zikalakwika malo otetezedwa amakana kulumikizana. Zikakanabe ndiye kuti vuto lili kwa eni fomuwo, kawirikawiri seva yalemedwa chifukwa aliyense akutumiza tsiku lomaliza, ndipo mukhoza kuona manambala ngati 500, 502 kapena 504. Pamenepo jambulani sikirini nthawi ikuoneka pamwamba, alembereni pa adiresi imene anaika pa chilengezo nthawi yotseka isanakwane, muikemo chithunzi cha vutolo ndi mafayilo anu ochepetsedwa aja, kenako muziyesabe pakapita mphindi 15 zilizonse, ndipo ngati tsiku lotseka likadali kutsogolo yesani m'mamawa cha m'ma 5 anthu asanadzuke.